Kukonza Zolemba za Wina Popanda Kumufufuta Mwiniwake

M'mawa wa pa 8 Julaye 1980, mlembi wina wa ku America, Raymond Carver, adakhala pansi nkulembera mkonzi wake kalata yaitali yodandaula. Mkonziyo, Gordon Lish, adali mnzake wa zaka zambiri, munthu amene adamuthandiza kutchuka pomusindikizira nkhani m'magazini ya Esquire. Koma tsiku limeneli Carver ankapempha chinthu chimodzi: buku lake latsopano la nkhani zazifupi liimitsidwe, lisapite kosindikiza. Adali atangowerenga zimene Lish adakonza, ndipo sadadzipezemo. Adakumbutsa mkonziyo kuti anzake ena, kuphatikizapo Tess Gallagher, Richard Ford ndi Tobias Wolff, adali ataziwerenga kale nkhanizo momwe adazilembera. Akawauza chiyani akadzaona zosiyana? Adanenanso kuti nkhanizo zidali zolumikizana ndi kuchira kwake, pakuti adazilemba atasiya mowa womwe udatsala pang'ono kumupha.

Bukulo silidaimitsidwe. Lidatuluka mu 1981 ndi mutu wakuti What We Talk About When We Talk About Love, ndipo mawu oposa theka a zomwe Carver adalemba adali atadulidwa. Mitu yambiri idasinthidwa, mathero ambiri adalembedwanso, ngakhale maina a anthu ena a m'nkhanizo adasintha: dokotala wina yemwe Carver adamutcha Herb adatuluka ali Mel.

Nkhani imodzi ikuonetsa bwino kukula kwa kusinthako. Carver adalemba za mayi amene adaitanitsa keke ya tsiku lobadwa la mwana wake, Scotty, yemwe ankakwanitsa zaka 8. Pa tsikulo mwanayo adagundidwa ndi galimoto nkugonekedwa m'chipatala. Wophika keke uja, posadziwa za ngoziyo, ankangoimba foni kunyumba kukumbutsa za keke yosatengedwayo. M'nkhani ya Carver mwanayo amamwalira, makolo amapita usiku kwa wophikayo atakwiya, iye amapepesa, amawakhazika pansi, nkuwapatsa khofi ndi mabanzi otentha, ndipo amacheza mpaka kucha. Lish adadula magawo oposa atatu mwa anayi a nkhaniyo, adaipatsa mutu wakuti The Bath, nkuithetsera pamene mayi uja akuyankha foni, owerenga osadziwa ngati mwana ali moyo kapena ayi. Chitonthozo chonse chidachoka. Patapita zaka ziwiri Carver adaibwezeretsa nkhani yathunthu, A Small, Good Thing, m'buku lake lotsatira lotchedwa Cathedral.

Sikuti Lish adali mkonzi wosadziwa ntchito. Mpaka lero alipo akatswiri amene amati nkhani zodulidwazo ndi zamphamvu kuposa zoyambirira, ndipo ndi buku la 1981 lomwelo limene lidakweza dzina la Carver. Vuto lidali lina. Carver adali mlembi wokonda kuwasiya anthu ake alankhule, abwerezebwereze, afike pomvetsana. Lish ankakonda ziganizo zouma ndi mathero odukiza. Pokonza, adayeza nkhanizo ndi khutu lake, osati la mwini wake, moti zotsatira zake zidali zolemba zabwino za munthu wina.

Zoterezi sizichitikira alembi otchuka okha. Zimachitika mdzukulu akamataipa mbiri ya moyo wa agogo ake, mlembi wa pampingo akamakonza uthenga wa abusa kuti ulowe m'kabuku ka chikondwerero, kapena mkonzi wa nyuzipepala akamafupikitsa nkhani ya mlembi wa sabata ndi sabata kuti ikwane patsamba. Mwini nkhani akaiwerenga amagwedeza mutu nkunena kuti zonse nzoona koma sindine ndalankhula. Mankhwala ake amadziwika pakati pa akonzi osamala: usanakhudze liwu ndi limodzi lomwe, werenga kaye zimene munthuyo adalemba kale, ndipo uziwerenge mofufuza. Funso ndi lakuti, ukufufuza chiyani?

Yankho lomveka bwino lidachokera kwa akatswiri a masamu, osati a zolembalemba. M'zaka za 1787 ndi 1788, nyuzipepala za ku New York zidasindikiza nkhani zolimbikitsa anthu kuvomereza malamulo atsopano oyendetsera dziko la America. Zonse pamodzi zidakwana 85, zimadziwika kuti The Federalist Papers, ndipo zidasainidwa ndi dzina limodzi lobisalira, Publius. Olemba ake adali atatu: Alexander Hamilton, James Madison ndi John Jay. Pambuyo pake padabuka mkangano pa nkhani 12, chifukwa mbali ya Hamilton ndi ya Madison zonse zinkati nzawo. Amuna awiriwa adaphunzira mofanana, ankalemba pa mutu umodzi, ndipo onse ankakonda ziganizo zazitali zolemerera. Kungowerenga chabe kudalephera kuwasiyanitsa kwa zaka zoposa 150.

Frederick Mosteller adayamba wayesa kuwerengera kutalika kwa ziganizo, poganiza kuti mwina wina amalemba zazifupi kuposa mnzake. Sizidathandize: onse awiri chiganizo chawo chinkakhala ndi mawu apakati pa 34 ndi 35. Kenaka katswiri wa mbiri yakale, Douglass Adair, adamutsina khutu za kanthu kakang'ono. Pofuna kunena kuti "pamene", Hamilton ankalemba "while" pomwe Madison ankalemba "whilst". Mosteller ndi mnzake David Wallace adatsata njira imeneyi. Adasonkhanitsa zolemba zomwe palibe ankakayika kuti ndi za Hamilton ndi zomwe palibe ankakayika kuti ndi za Madison, ndipo poti za Madison zidali zochepa, adawonjezerapo zina zimene adalemba kwina. Kenaka adawerengera timawu ting'onoting'ono tolumikizira chiganizo. Liwu lakuti "upon" lidawathandiza kwambiri: Hamilton ankaligwiritsa ntchito pafupifupi katatu pa mawu 1,000 aliwonse, pamene Madison ankalilemba mwa apo ndi apo. Mawu akuluakulu okhudza nkhondo, boma kapena malamulo adawasiya dala, chifukwa amenewo amabwera ndi mutu wa nkhani, osati ndi munthu. M'buku lawo la 1964 adagamula kuti nkhani zonse 12 zimaloza kwa Madison.

Iwo ankafuna kudziwa wolemba, koma zimene adapeza nzothandiza kwa aliyense wokonza zolemba za mnzake. Chizindikiro cha munthu chimakhala kwambiri m'mawu amene iye mwini sawaganizira polemba. Mkonzi wosazindikira amasamala mawu akuluakulu, nkumasintha timawu tating'ono mosaganiza, poyesa kuti tilibe ntchito. Apo ndi pamene amamufufuta mwini nkhani.

M'Chichewa timawu totere tilipo tambiri, ndipo aliyense ali ndi take. Wina amayamba ndime ndi "tsono", wina "choncho", wina "ndiye", wina "motero". Wina amati "chifukwa cha", wina "kamba ka". Pali olemba "amene" ndi olemba "yemwe" kapena "omwe". Pali otsindika ndi "kwambiri", ena "zedi", ena "kwabasi", ena "ndithu". Koma Chichewa chili ndi khalidwe lina lomwe Chingerezi chilibe: timawu tambiri totere timamatirira kumneni. Pofotokoza zakale, wina amalemba "adapita", wina "anapita". Wina amati "ankalima", wina "amalima" ngakhale akunena za kale lomwelo, wina "adali kulima". Pali alembi amene sangamalize ndime popanda "-ngo-", monga mu "adangokhala", ndi ena okonda kumata "-tu", "-di" kapena "-nso" kumapeto kwa liwu. Choncho wofufuza kalembedwe ka Mchewa sangangowerengera mawu athunthu. Ngati zolembazo zili pakompyuta, adinde `Ctrl+F` nkusaka tizidutswa ngati "nka", "ngo" ndi "ada", kenaka ayang'ane chimodzichimodzi, chifukwa makinawo adzamubweretseranso "nkhani" ayi, koma "chingoni" ndi "adani" inde, zomwe sizikukhudzana ndi zimene akufuna.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kusankha zolemba zoti uphunzirepo, ndipo ambiri amapunthwa pomwepa. Choyamba, zikhale zolemba zimene sizidadutse m'manja mwa mkonzi wina. Munthu amene mu 1982 akadafuna kuphunzira kalembedwe ka Carver powerenga buku lake losindikizidwa, akadaphunzira kalembedwe ka Lish. Zolemba zenizenizo zidadziwika chifukwa mapepala a Lish adakasungidwa ku laibulale ya Lilly, pa yunivesite ya Indiana. Kumeneko William Stull ndi Maureen Carroll adawerenga mawu otaipidwa a Carver pansi pa mizere ya inki ya mkonziyo, nkuwakopera, mpaka buku loyambirira lidatuluka mu 2009 ndi mutu wakuti Beginners, Carver atamwalira kale mu 1988. Nkhani ya m'nyuzipepala nayonso imakhala itadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Kalata yolemba pamanja, kope la maulaliki, kapena pepala loyamba lomwe mlembi adatumiza lisanakonzedwe, ndi umboni wodalirika kuposa chosindikizidwa.

Chachiwiri, zikhale za mtundu wofanana ndi chimene chikukonzedwa. Mphunzitsi yemweyo amalemba mosiyana kalata yopempha tchuthi ndi kalata yopita kwa mchemwali wake. Ngati chikukonzedwa ndi mbiri ya moyo, makalata opita kwa abale athandiza kuposa malipoti a kuntchito. Zaka nazo zimasintha munthu, moti zolemba za posachedwa zimalemera kuposa za ali mnyamata.

Nanga zichuluke bwanji? Tsamba limodzi limanamiza, chifukwa chimene chaoneka kawiri patsambalo chikhoza kukhala mwangozi. Katswiri wa ku Poland, Maciej Eder, atayesa njira zowerengera mawu pa mabuku a zinenero zingapo, adapeza kuti kawirikawiri pamafunika mawu pafupifupi 5,000 kuti zotsatira ziyambe kudalirika. Mkonzi sakuzenga mlandu wofuna umboni wotero, komabe chiwerengerochi chimamuchenjeza. Zolemba zinayi kapena zisanu zosiyana, zolembedwa pa nthawi zosiyana, ndi poyambira pabwino. Chizolowezi chenicheni ndi chimene chikupezeka m'zambiri mwa izo, osati m'chimodzi chokha.

Kuwerenga koyamba kukhale kotulutsa mawu, popanda cholembera m'manja. Khutu limagwira zimene diso limalumpha: pamene munthuyo amapumira, pamene amathamanga, pamene amaima mwadzidzidzi. Ulendo wachiwiri ndiye wa pensulo. Mkonzi amatenga pepala limodzi nkumalemba zimene akuona, ndipo chilichonse amachiikira chitsanzo ndi kuchuluka kwake. Kulemba kuti "amalemba mokoma" kapena "ndi wansangala" nkosathandiza, chifukwa sungakuyeze. Kulemba kuti "tsono: kasanu ndi kawiri m'masamba anayi, nthawi zonse koyambirira kwa chiganizo" ndiye kothandiza.

Pepalalo limasunganso zina zoposa timawu. Kodi munthuyu amagwiritsa ntchito mvekero, monga "zii", "mbuu" kapena "phwii", ndipo amaiika pati? Amatchula miyambi yathunthu kapena amangoiyamba nkuisiya? Amamutcha chiyani owerenga: "inu", "abale anga", kapena samulankhula nkomwe? Akamatchula akuluakulu amalemba "a" waulemu nthawi zonse? Mawu obwereka amawalandira, monga "sitolo" ndi "ofesi", kapena amayesetsa kuwapewa? Ndipo mbali yofunika kwambiri, imene ambiri amaiwala, ndi ya zinthu zomwe munthuyo sachita konse. Ngati m'masamba makumi awiri mulibe funso ndi limodzi lomwe lopita kwa owerenga, mkonzi asalowetsemo funso. Ngati sanena poyera kuti "ndidamva chisoni", asamunenetse. Liwu limodzi lachilendo limamveka msanga kuposa mawu khumi a mwini wake amene achotsedwa.

Tiyerekeze ndi chitsanzo chopeka. Mphunzitsi wina wopuma ntchito walemba mbiri ya ubwana wake, ndipo magazini yavomera kusindikiza gawo lina pokhapokha lifupikitsidwe. Mkonzi wapempha makalata asanu amene bamboyo adalembera ana ake. Powawerenga wapeza kuti amayamba nkhani ndi "tsono", amalemba "-da-" osati "-na-", amati "kamba ka", amalumikiza zochitika ndi "nku-", amaika mvekero umodzi pa chinthu chooneka ndi maso, ndipo akafika pa zowawa ziganizo zake zimafupika mpaka mawu awiri kapena atatu. Sanena momwe adamvera mumtima. Amangotchula chimene adaona. Ndime yofuna kufupikitsidwa, ya mawu 52, ili motere:

"Tsono chaka chimenecho mvula idachedwa. Tidadikira Novembala yense, kumwamba kuli mbee. Bambo anga adali munthu wosalankhula zambiri, ndithu wosalankhula zambiri, tsono m'mawa uliwonse ankatuluka, nkuyang'ana kumwamba, nkubwerera m'nyumba osanena kanthu. Ife ana tidadziwa kuti zinthu sizili bwino kamba ka kukhala chete kwawoko. Mayi adayamba kuchepetsa ufa mumphika. Palibe adatiuza. Tidangoona mitanda ikuchepa."

Mkonzi wothamanga, amene sadawerenge makalata aja, angaikonze chonchi:

"M'chaka chimenecho kunali vuto la kuchedwa kwa mvula, zomwe zinachititsa kuti banja lathu likumane ndi mavuto a kusowa kwa chakudya. Bambo anga anali okhudzidwa kwambiri ndi vutoli ngakhale sankalankhula, ndipo mayi anayamba kuchepetsa chakudya chomwe ankatipatsa."

Mawu atsika kufika pa 36, ndipo palibe bodza lililonse. Koma taonani zimene zatayika. "Tsono" wapita, "-da-" wasanduka "-na-", mvekero wachotsedwa. Ziganizo zisanu ndi ziwiri zamangidwa kukhala ziwiri zazitali. Mwalowa mawu a m'malipoti a mabungwe, "vuto la" ndi "okhudzidwa", omwe sapezeka m'kalata ndi imodzi yomwe ya bamboyo. Choipitsitsa, mkonzi wanena poyera chimene mlembi adachibisa dala. Mlembi adaonetsa bambo akuyang'ana kumwamba. Mkonzi watiuza kuti adali okhudzidwa. Mitanda ya nsima, yomwe mwana amaiwerenga ndi maso pambale, yasanduka "chakudya".

Mkonzi amene ali ndi pepala lake pambali angafupikitse motere:

"Tsono chaka chimenecho mvula idachedwa, Novembala yense kumwamba kuli mbee. Bambo anga, munthu wosalankhula zambiri, ankatuluka m'mawa, nkuyang'ana kumwamba, nkubwerera osanena kanthu. Mayi adayamba kuchepetsa ufa mumphika. Palibe adatiuza. Tidangoona mitanda ikuchepa."

Awa ndi mawu 32, ochepa kuposa a mkonzi wothamanga uja, ndipo palibe liwu ndi limodzi lomwe lochokera kunja. Ntchito yonse yachitika pochotsa ndi posuntha. Chiganizo chonena kuti ana adadziwa kuti zinthu sizili bwino chachoka chifukwa chimafotokoza zimene owerenga aona kale, ndipo m'makalata aja mlembiyu safotokozera kawirikawiri. Ziganizo zitatu zomalizira sizidakhudzidwe, chifukwa kufupika kwawo ndiye chizindikiro chachikulu cha munthuyu.

Patsala funso limodzi lovuta: kubwereza kuja, "ndithu wosalankhula zambiri". Kodi ndi chizolowezi chofunika kusunga kapena ndi kutsetsereka kwa cholembera? Ndime yokhayi singayankhe. Makalata ndiwo angayankhe. Ngati mwa makalata asanu kubwereza kotere kukupezeka mwa anayi, kamodzi kokha m'kalata iliyonse, pamalo olemera kwambiri, ndiye kuti ndi chida chake, ndipo mkonzi ayang'ane m'gawo lonse kuti malo olemera kwambiri ndi ati nkukusunga pamenepo. Ngati sikukupezeka kwina kulikonse, akhoza kukuchotsa ndi mtima umodzi. Ngati akukayikabe, afunse mwini wake.

Si chilichonse chimene munthu amabwereza chili liwu lake. Ena amabwereza zolakwa. Wolemba dzina la mudzi mosiyanasiyana, wosokoneza zaka, kapena wolemba chiganizo chomwe owerenga sangadziwe kuti akunenedwa ndani, ayenera kukonzeredwa, ngakhale atakhala kuti amatero nthawi zonse. Muyeso wake ndi wosavuta kuunena: ngati chinthucho chikusocheretsa owerenga, nchofunika kukonza, ngati chikungosiyana ndi momwe mkonzi akadalembera, nchofunika kuchisiya.

Malembedwe a mawu ali pakatikati. Anthu amene adaphunzira kuwerenga ndi Buku Lopatulika la 1922 adazolowera kulemba "c" pamene malamulo a ku Malawi kuyambira m'zaka za m'ma 1970 amafuna "ch", ndipo ku Zambia "c" yemweyo akugwirabe ntchito m'Chinyanja. Ena amalemba "mau", ena "mawu"; ena amaika kachizindikiro pamwamba pa "w", ena ayi. Magazini ili ndi ufulu wofananitsa zimenezi kuti masamba ake aoneke amodzi, chifukwa nkhaniyo ikawerengedwa mokweza palibe chasintha. Koma liwu lenilenilo ndi nkhani ina. Wolemba wa ku Chipata, wa ku Nsanje kapena wokulira ku Harare akagwiritsa ntchito liwu la kwawo lomwe owerenga angalimve kuchokera m'chiganizo, kulisintha kuti lifanane ndi la ku Lilongwe nkumusamutsa munthu kwawo. Likakhala lovuta kwenikweni, ndi bwino kupempha mlembiyo awonjezere mawu awiri olimasulira m'kalankhulidwe kake.

Palinso dzenje lina kumbali inayo, ndipo amagweramo ndi akonzi akhama. Atapeza kuti munthu amakonda "tsono" ndi miyambi, amayamba kuzithira paliponse, makamaka pamene afunika kulemba chiganizo chatsopano cholumikiza ndime ziwiri. Zili ngati mchere m'ndiwo: wophika amadziwika ndi muyeso wake, ndipo ukawirikiza kawiri sizikhalanso ndiwo zake. Nchifukwa chake pepala lija limasunga kuchuluka. Ngati mlembi amanena mwambi umodzi m'masamba atatu, nkhani yokonzedwa ya masamba atatu isakhale ndi miyambi inayi. Ikatero imamveka ngati munthu woseweretsa mnzake pomutsanzira. Ndipo mwambi umene sudapezeke m'zolemba zake usalowe konse, ngakhale utakwanira bwanji.

Kuyesa ngati ntchito yatheka kuli ndi njira zake. Yoyamba ndi kuwerengeranso: timawu tija tikupezeka pa muyeso womwe uja? Ziganizo zazifupi zikadali pamalo pake? Yachiwiri ndi kusaka mawu a mkonzi mwini, pakuti naye ali ndi zizolowezi zake, ndipo mkonzi wanzeru amasunga mndandanda wa mawu amene iye amawakonda kuti aziwasaka m'ntchito za ena. Yachitatu ndi ya khutu. Atenge ndime ziwiri zakale zosakonzedwa ndi imodzi yokonzedwa, awerengere munthu amene amamudziwa bwino mlembiyo, monga mkazi wake kapena mnzake wa kuntchito, osamuuza kuti yokonzedwa ndi iti. Akailoza msanga, afunsidwe liwu limene lamudziwitsa, ndipo kawirikawiri amalitchula ndithu. Pomaliza mlembi aone kusintha kulikonse. Pakompyuta, `Track Changes` ya mu Microsoft Word imaonetsa chochotsedwa ndi cholowetsedwa. Papepala, inki yofiira imagwira ntchito yomweyo. Kumutumizira nkhani yoyera kale, yosaonetsa pamene padutsa mpeni, nkumubisira zimene ali ndi ufulu wokana.

Njirayi ili ndi malire, ndipo malire ake ndi ofunika kuwalemekeza. Zolemba zakale zimaphunzitsa momwe munthu amanenera zinthu. Siziphunzitsa chimene akadanena pa nkhani yomwe sadailankhulepo. Mkonzi amene wadziwa bwino kalembedwe ka wina amatha kulemba ndime yonse yomveka ngati ya mwini wake, ndipo apa ndi pamene luso limayandikana ndi chinyengo. Mwini wake akakhala moyo, ndime yotere iyenera kupita kwa iye kuti aivomere kapena aikane. Richard Stengel, pothandiza Nelson Mandela kulemba Long Walk to Freedom, lomwe lidatuluka mu 1994, adali ndi zolemba zimene Mandela adayamba ali m'ndende pa Robben Island, komanso adacheza naye maola ambirimbiri akujambula mawu, ndipo Mandela mwini adawerenga ndi kukonza zolembedwazo.

Buku lotsatira lidali ndi vuto lina. Mandela adayamba kulemba pamanja za zaka zake monga mtsogoleri wa dziko, adafika mitu khumi, koma sadamalize mpaka adamwalira mu 2013. Ntchito yomalizitsa idapatsidwa kwa mlembi wa ku South Africa, Mandla Langa. Zolemba zoti aphunzirepo zidalipo zochuluka zedi, ndipo Langa, yemwe ndi wolemba mabuku a nthano waluso, akadatha kupitiriza ndi "ine" ngati kuti akulankhula ndi Mandela. Sadatero. M'buku la Dare Not Linger, lomwe lidatuluka mu 2017, Langa amafotokoza za Mandela ngati munthu wina, ndipo mawu a Mandela mwini amaikidwa poonekera kuti owerenga adziwe pamene mkuluyo akulankhula ndi pamene walekezera. Ena adadandaula kuti bukulo silikoma ngati loyamba lija. Komabe Langa adasankha bwino, chifukwa woti avomereze mawu atsopano m'dzina la Mandela padalibenso.